Kutaipa chikalata chosakaniza Chingerezi ndi Chichewa popanda kutaya chilankhulo chilichonse

Mayi wina wa ku Chinamwali, mlembi wa gulu la banki m'khonde la amayi ogulitsa nsomba, anafika pamalo pomwe ndimataipira kuno ku Zomba atanyamula hadikava yakuda m'jumbo. Munali maminitsi a misonkhano yawo, masamba 36, olembedwa ndi bolopeni yabuluu, pena yakuda, pena pensulo. Ndinapereka ntchitoyo kwa mnyamata yemwe ndinkamuphunzitsa. Iye poona kuti chiganizo chilichonse chikuyamba m'Chichewa, n'kudumphira m'Chingerezi, n'kubwereranso, anaganiza zowakomera mtima amayiwo: anasandutsa zonse Chichewa chosalala.

Mayiwo atabwera kudzatenga anawerenga tsamba limodzi lokha n'kuimika chala pamzere wina. "Achimwene, apa mwasakaniza. Fayini ndi ya munthu wochedwa pamsonkhano, penoti ndi ya wochedwa kubweza ngongole. Inu mwalemba chindapusa ponseponse. Nanga tikakangana tidzaloza pati?"

Mnyamatayo sanalakwitse Chichewa. Cholakwika chinali choti anamasulira pomwe anatumidwa kukopera. M'kope muja mawu awiri a Chingerezi, `fine` ndi `penalty`, ankasenza malamulo awiri osiyana, ndipo atalowa m'liwu limodzi la Chichewa lamulo limodzi linasowa. Tinayambiranso, ndipo ndondomeko yomwe tinatsata ndi yomwe ndikulongosola pano.

Musanakhudze kiyibodi

Jambulani tsamba lililonse pafoni kapena pangani fotokope, kope lenilenilo mulibweze kwa mwini wake kapena mulisunge poti silingathiridwe tiyi. Pafotokopepo lembani manambala a masamba ndi pensulo, chifukwa makope ambiri otere alibe manambala, ndipo mudzafuna kunena kuti vuto lili patsamba 14, mzere 9.

Kenako werengani chikalata chonse kamodzi osataipa kanthu. Ambiri amadumpha sitepe iyi poti ikuoneka ngati kutaya nthawi. Koma m'chikalata cha chilankhulo chimodzi, mukakumana ndi liwu losaoneka bwino, mawu oyandikana nalo amakuthandizani kulota. M'chikalata chosakaniza thandizo limenelo limachepa, poti simukudziwa n'komwe ngati liwu lotsatira ndi la Chichewa kapena la Chingerezi. Chomwe chimakupulumutsani ndi kudziwa chizolowezi cha mwini dzanjalo. Mayi mlembi aja, mwachitsanzo, masiku a sabata onse ankawalemba m'Chingerezi, maudindo m'Chingerezi, koma zochita ndi madandaulo m'Chichewa. Nditazindikira zimenezo, kaliwu kokhotakhota kotsatana ndi tsiku la mwezi sindinkakasakanso pakati pa Lolemba ndi Lachiwiri.

Powerengapo, lembani papepala lapadera malamulo anu, asapitirire asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo pepalalo lidzakhale tsamba loyamba la fayilo. Athu anali akuti liwu lililonse litaipidwa monga lalembedwera, ngakhale lili lolakwika. Mawu a Chingerezi apendekeka. Mayina a anthu ndi malo, manambala ndi ndalama sizipendekeka. Chilichonse chomwe wotaipa wawonjezera chikhala m'kati mwa [ ]. Kumasulira, ngati kukufunika, kupita m'fayilo ina.

Mangani manja a Word

Mdani wamkulu pantchitoyi ndi pulogalamu yomwe mukutaipiramo, chifukwa imakonza mawu mwakachetechete inu maso ali papepala. Mu Microsoft Word pitani apa:

```
File > Options > Proofing > AutoCorrect Options
```

Chotsani chizindikiro pa `Replace text as you type`, pa `Capitalize first letter of sentences`, pa `Capitalize names of days`, pa `Correct TWo INitial CApitals` ndi pa `Correct accidental usage of cAPS LOCK key`. Chomalizachi chimaluma a Chichewa kwambiri. Mlembi akalemba ulemu ndi dzina pamodzi m'zilembo zazikulu, monga `aPHIRI`, Word amaganiza kuti mwaiwala batani ndipo amatembenuza kukhala `Aphiri`. Choyambacho ndi chomwe chimasintha `recieved` ya mlembi kukhala `received` inu osadziwa.

Mukatero sankhani fayilo yonse ndi `Ctrl+A`, n'kupita apa:

```
Review > Language > Set Proofing Language
```

Ikani chizindikiro pa `Do not check spelling or grammar`, ndipo muchotse pa `Detect language automatically`. Mizere yofiira ija yomwe imadzaza pansi pa liwu lililonse la Chichewa izimiririka. Sikuti imangonyansa m'maso: ikachuluka, diso limazolowera kuinyalanyaza, komanso dzanja limayesedwa kudina n'kulandira liwu la Chingerezi lomwe kompyuta yapereka.

Zilembo ziwiri zikufuna chisamaliro. Ngati mlembi waika kadenga pamwamba pa w, monga ena amalembera Malaŵi, inunso kaikeni: mu Word taipani `0175` n'kudina `Alt+X`, mupeza ŵ, ndipo `0174` ikupatsani Ŵ. Chitani zimenezi patatsogola mpata, kenako muchotse mpatawo, chifukwa ngati nambalayo yagundana ndi chilembo monga a, Word amawerenga chilembocho ngati mbali ya nambala n'kutulutsa china. Ngati mlembi sanaike kadengako, musamuikire. Chachiwiri ndi nkhodolero. Ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama yam'tchire, ndipo pafotokope yofooka kachizindikiroko n'koyamba kuzimiririka. Mukakayika, bwererani ku chithunzi cha pafoni n'kuchikuza.

Ulendo woyamba: taipani basi

Taipani mzere ndi mzere monga ulili papepala, osasamala kaye zopendeketsa. Mukayesa kuchita ziwiri nthawi imodzi, kuwerenga dzanja la munthu ndi kugamula chilankhulo, chimodzi chimagwa. Ikani rula pansi pa mzere womwe mukutaipa. Pomwe tsamba lathera lembani [tsamba 14] n'kupitiriza. Nayi ndime imodzi ya m'kope lija, monga inatulukira paulendo woyamba:

```
A treasurer anati amene sanabweze loan by Friday
alipire penalty ya K2,000 osati fine, unless
ma shares ake akukwana. Nsomba za ku Lake Chilwa
phindu lake tigawana next meeting.
```

Pali mayesero awiri apa, ndipo amakoka mbali zosiyana. Loyamba ndi lija la mnyamata wanga, lofuna kulemba msungichuma, ngongole, masheya. Lachiwiri limagwira anthu odziwa Chingerezi bwino: dzanja likangolowa m'Chingerezi limafuna kupitiriza, ndiye pambuyo pa `unless` munthu amapezeka wataipa `her shares` pomwe papepala pali `ma shares ake`. Zolakwika zambiri zomwe ndimapeza pokonza ntchito za anthu zili pamalire penipeni, liwu limodzi kutsogolo kapena kumbuyo kwa pomwe chilankhulo chasinthira. Timawu ting'onoting'ono, monga ndi, ya, ku, pa, `by`, `of`, `and`, ndi tomwe timasowa kapena kusinthana, poti ubongo umatimva tanthauzo osationa maonekedwe.

Manambala asiyeni momwe alili. `K2,000` papepala ilibe chilankhulo. Mlembi mwina ankaiwerenga m'Chingerezi, mwina ayi, ndipo si ntchito yanu kumusankhira poilemba m'mawu. Chimodzimodzi zidule monga `AOB` kapena `b/f`: zitaipeni choncho, tanthauzo lake mukalilembe kamodzi patsamba la malamulo.

Kalembedwe ka Chichewa nakonso musakakonze. Wina amalemba nchito, wina ntchito. Wina kuZomba, wina ku Zomba. Wina amaika r pomwe inu mukadaika l. Malamulo a kalembedwe anasinthidwapo kangapo, mu 1973, 1980 ndi 1990, ndipo munthu amalemba monga anaphunzirira kusukulu m'nthawi yake. Amene anakhalapo m'chipinda chowerengera kunyumba yosungira zikalata zakale za dziko lino, yomwe ili konkuno ku Zomba, akudziwa kuti makalata ena akale amalemba cakudya pomwe ife timalemba chakudya. Kalembedweko ndi umboni wa nthawi ndi wa munthu. Mukakasalaza mwafufuta umboniwo.

Ulendo wachiwiri: liwu ili ndi la yani?

Apa ndiye pali ntchito yeniyeni. Pangani kaye sitayelo ya mawu a Chingerezi m'malo momangodina `Ctrl+I`. Tsegulani bokosi la `Styles`, sankhani `New Style`, itchuleni Chingerezi, pa `Style type` musankhe `Character`, ndipo muipatse zilembo zopendekera. Pansi pa `Format` pali `Shortcut key`, pomwe mungaipatse batani lachidule. Ubwino wa sitayelo uoneka kutsogoloku. Zopendekera n'zabwino pa chikalata cholembedwa pamanja chifukwa dzanja silipendeketsa mwadala, ndiye palibe chosokonezeka. Ngati chikalata chanu n'chosindikizidwa ndipo chili kale ndi mawu opendekera, sitayeloyo ipatseni mtundu wina wa inki.

M'zitsanzo zili m'munsizi nyenyezi zikuimira kupendekera. Ndime ija ikhala chonchi:

```
A *treasurer* anati amene sanabweze *loan by Friday*
alipire *penalty* ya K2,000 osati *fine*, *unless*
ma *shares* ake akukwana. Nsomba za ku Lake Chilwa
phindu lake tigawana *next meeting*.
```

Taonani A woyambayo. Munthu wothamanga amamupendeketsa pamodzi ndi `treasurer`, poganiza kuti ndi kaliwu ka Chingerezi kotsogolera dzina. Ayi. Ameneyu ndi a waulemu, yemweyo wa a mfumu, a Banda. Mukamupereka ku Chingerezi, chiganizo chisanduka chonena za msungichuma wina aliyense wosadziwika, pomwe mlembi akunena za mayi wodziwika yemwe akumulemekeza. Njira yodziwira ndi kuyang'ana mneni ndi mawu ozungulira: ngati chiganizo chikuyenda ndi malamulo a Chichewa, a ameneyo ndi wathu.

Taonaninso mzere wachitatu ndi wachinayi. `Lake` woyamba ndi nyanja, mbali ya dzina la malo, ndipo mwa lamulo lathu mayina sapendekeka. `lake` wachiwiri ndi Chichewa chenicheni, phindu lake. Zilembo n'zofanana ndendende. Alipo ena a mtundu womwewu: wake, make, take, kale. Mwana wake, make mwana, tiana take. N'chifukwa chake simungadalire kompyuta kuti ikusankhireni mawu a Chingerezi, ndipo musayerekeze kugwiritsa `Replace All` popendeketsa. Mnyamata wanga anayesapo ndi `a`, ndipo fayilo yonse inachita mawangamawanga.

Nanga mawu obwereka? Sukulu, buku, tebulo, komiti, banki: awa anakhazikika, ndi Chichewa. Koma mlembi yemweyo patsamba 5 analemba komiti, patsamba 22 n'kulemba `committee`. Ine ndimatsata dzanja la mlembi: akalemba m'kalembedwe ka Chichewa, ndi Chichewa, sindipendeketsa, akalemba m'kalembedwe ka Chingerezi, ndipendeketsa. Akatswiri a zilankhulo, monga a kulikulu lofufuza zilankhulo la Yunivesite ya Malawi lomwe linakhazikitsidwa mu 1996, angathe kukambirana tsiku lonse kuti liwu limasiya liti kukhala mlendo. Wotaipa alibe tsiku lonse, ndipo lamulo la kalembedweli lili ndi ubwino woti anthu awiri akalitsata payekhapayekha amafika pa yankho limodzi. Pomwe limagwedera ndi pa liwu lolembedwa pakatikati, monga `comiti`, losakhala uku kapena uku. Otere ndimawataipa momwe alili, ndimawasiya osapendekera, ndipo ndimawalemba pamndandanda patsamba la malamulo kuti wodzawerenga adziwe kuti ndinawaona.

Ovuta kwambiri ndi mawu omwe chilankhulo chasinthira m'kati mwa liwu lenilenilo. M'kope lija munali mitundu itatu ya mneni mmodzi:

```
anasaina
ana*sign*a
anapanga *sign*
```

Woyamba ndi Chichewa chathunthu. Wachiwiri mutu ndi mchira ndi za Chichewa, tsinde lokha ndi la Chingerezi, ndiye pendeketsani tsinde lokhalo. Wachitatu ndi wosavuta. Ngati mlembi anaika mpata kapena kamzere, monga `ana sign-a`, sungani mpatawo ndi kamzereko. Ngati sanaike, musawonjezere kuti zioneke bwino. Chimodzimodzi `ma shares`, `mashares` ndi masheya: ndi zinthu zitatu papepala, zikhale zitatu pasikirini. Onaninso kuti mu `ma shares` kuchuluka kwanenedwa kawiri, ndi ma komanso ndi s. Anthu ena amachotsa chimodzi poti akuti n'kubwereza. Musachotse, umo ndi momwe timayankhulira pamsika wa Zomba tsiku lililonse, ndipo ndi momwe mlembi analembera.

Pomwe simukutha kuwerenga

Musalote mwakachetechete. Ngati liwu silikuwerengeka n'komwe, lembani [sizikuwerengeka]. Ngati mukuganizira koma simukutsimikiza, taipani liwulo n'kuika [?] pambuyo pake. Ngati mlembi analakwitsa ndipo mukuopa kuti anthu adzati mwalakwitsa ndinu, ikani [momwemo] pambuyo pa liwulo, koma osachulutsa: kope la munthu wakumudzi lodzaza ndi chizindikiro chimenechi limaoneka ngati likumunyoza. Ine ndimanena kamodzi patsamba loyamba kuti kalembedwe konse n'ka mlembi, basi.

Patsamba 19 panali liwu lomwe linanditengera nthawi. Chiganizo chinkati mayi wina abweretse, kenako kaliwu ka zilembo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi kothera ndi mchira wotsika, kenako mawa. Ndinawerenga `money`. Mnyamata anawerenga mwana, ponena kuti mchirawo ndi inki yotayikira. M'dzanja la mayiwo n, u ndi w zinkafanana, a ndi o zinkafanananso, ndiye onse awiri tinali ndi poimira. Chomwe tinachita ndi kufunafuna y wina m'masamba ena, mu `Friday` ndi mu `penalty`, n'kuyerekeza mchira wake. Unafanana. Komabe tinaika [?] mpaka mayiwo atabwera. Anayang'ana n'kuseka: "Ndi ndalama imeneyo, bambo. Mwana abwere naye kudzatani kubanki?" Mwini dzanja akakhala moyo ndipo ali pafupi, sonkhanitsani mafunso onse muwafunse kamodzi, muli ndi tsamba ndi mzere wa lililonse.

Mawu ofufutidwa ndi mzere koma owerengeka musawataye. Kawirikawiri pamenepo ndi pomwe mlembi anayamba liwu m'chilankhulo china n'kusintha maganizo. Patsamba lina mayiwo anayamba kulemba chindapusa, anadula, n'kulemba `penalty` pamwamba pake, umboni woti kusiyanitsa kuja kunali kwadala. Taipani liwu lodulidwalo ndi mzere wodutsa pakati, lotsatira pambuyo pake.

Kuyesa ntchito

Kuwerenga nokha pasikirini sikugwira zolakwika za pamalire, chifukwa ubongo womwe unalakwitsa ndi womwewo ukuyesa. Khalani awiri. Wina agwire fotokope n'kumawerenga mokweza, pang'onopang'ono, wina atsate zomwe zataipidwa, makamaka zitasindikizidwa papepala. Wowerengayo azigogoda patebulo nthawi iliyonse chilankhulo chikasintha, ndipo wotsatayo aone ngati kupendekera kwayamba kapena kwatha pomwepo. Mawu omveka mofanana, monga komiti ndi `committee` kapena loni ndi `loan`, khutu silingawasiyanitse, choncho wowerenga azitchula zilembo zake chimodzichimodzi. Masamba 36 aja anatitengera masana awiri, tikupuma pakatha masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, poti kupitirira apo wowerenga amayamba kuimba m'malo mowerenga.

Tsopano sitayelo ija ibweza ngongole yake. Dinani dzina lake ndi batani lakumanja la mbewa, musankhe `Select All`, ndipo mawu onse a Chingerezi m'fayilo asankhidwa nthawi imodzi. Akopereni mu fayilo yatsopano pogwiritsa `Keep Text Only`. Mupeza mndandanda wa Chingerezi chokhachokha, ndipo m'fayilo yatsopanoyi mizere yofiira ikhala ndi ntchito. Liwu lililonse lofiira liyerekezeni ndi pepala: ngati analakwitsa ndi mlembi, lisiyeni, ngati ndinu, konzani m'fayilo yaikulu. Mukaona wake kapena lake pamndandandawo, bwererani mukaone ngati simunabe liwu la Chichewa. Ife tinapezamo awiri.

Pomaliza sungani fayilo ya Word, ndipo mupangenso PDF yopereka kwa eni ake. Itseguleni pa foni kapena kompyuta ina muone ngati ŵ akuonekabe, chifukwa mitundu ina ya zilembo ilibe chilembochi ndipo imaika kabokosi m'malo mwake. Dziwaninso kuti mukakopera mawuwa n'kuwaika mu uthenga wa pafoni kapena m'fayilo ya `.txt`, kupendekera konse kumatha. Ngati ntchito ikupita kumeneko, gwiritsani nyenyezi monga m'zitsanzo zija kuyambira pachiyambi.

Amayi aja anadzafunanso maminitsiwo m'Chichewa chokhachokha kuti aziwerengera mamembala osadziwa Chingerezi. Tinapanga fayilo yachiwiri ya mizati iwiri, kumanzere mawu a m'kope momwe alili, kumanja kumasulira, ndime ndi ndime. Titafika pa mawu awiri aja ndinawafunsa mayi mlembi kuti tilembe chiyani. Anati kumanjako tilembe fayini ndi penoti, monga amatchulira akakhala pamkeka, ndipo pansi pa tsamba loyamba tifotokoze kuti fayini ndi K500 ya wochedwa pamsonkhano, penoti ndi K2,000 ya wochedwa kubweza.